Ndinangoti "ndi Colles" pafoni nde andibweza, ndikanati chani?

Tiyamike: Akuluakulu ndithandizeni, dzulo naiti ndachita manyazi koopsa. Kunabwera mayi wa zaka 58 wa ku Kawale, anaterereka pamatope akuchokera kubafa nde anatchinjiriza ndi dzanja lamanja, pofika kwa ife mkono watupa komanso wapindika ngati foloko ija timaiona mma notsi. Ekisire itatuluka ndinaimbira bwana wa mafupa amene anali pa kolo, ndangoti bwana tili ndi Colles ili disipulesidi. Iwo akuti yasunthira kuti, mochuluka bwanji, yapendekeka madigiri angati, yalowa mu joyinti kapena ayi. Ine ziii. Akuti kaonenso filimuyo undiimbirenso ukadziwa chomwe ukunena. Ndaponya zithunzi ziwirizo, dzina la pesheti ndabisa.

Mphatso: kkkkk pepa aise tonse zinationekerapo. Koma ine sindikuona pomwe unalakwa, imeneyo ndi Colles yeniyeni, Colles mesa imadziwika kale kuti imapita kuseri? anangofuna kukuzunza basi

Yamikani: Guluu mwadzuka bwanji, inenso langa linathyoka pomwepo nditagwa pa kabaza ku Area 25 chaka chatha, mpaka pano kukazizira limawawa, pali mankhwala?

Tiyamike: Yami dikira kaye kkkk tithane ndi zanga

A Gondwe: Mwadzuka bwanji ana anga. Tiyamike, amene anakubwezayo anakuchitira zabwino. Mphatso, Abraham Colles analemba za kuthyoka kumeneku, kwa fupa la mkono pafupi ndi dzanja, mu 1814 ku Dublin, ekisire inabwera mu 1895. Munthuyo sanaonepo filimu moyo wake wonse, ankafotokoza zomwe maso ndi manja ake ankapeza. Nde iwe uli ndi filimu mmanja ukungotchula dzina lake, wauza mnzako chani? Colles wina timangoika chikhakha nkumuuza azipita, wina timakoka, wina ndi wa ku fiyeta. Onse atatu anthu amangoti Colles. Amene ali pafoni uja sakuona filimu, akufuna aijambule mmutu mwake ndi mawu akowo kuti adziwe ngati adzuke pabedi kapena ayi.

Mayi Nkhoma: Musanapite patali a Gondwe, ine wojambula ndinenepo zanga. Tiyamike chithunzi chachiwiricho wajambula ndi foni utaimika filimu pawindo eti? ndikuona mabaglabazi kuseri kwake, komanso wajambula chammbali. Ukatero ma angulo onse amanama. Ika pa bokosi la magetsi lija, foni ilunjike bwinobwino, ujambulenso.

Tiyamike: zoona mayi ndinali pawindo la ku kajuwoti mmawa uno. Ndajambulanso, iyi

Mayi Nkhoma: Eya iyi nde ilipo bwino. Latero yake, chithunzi cha mmbali chija, ndi yoona, rediyasi ndi alina, mafupa awiri a mkono aja, zagonerana, ndipo kafupa kozungulira ngati nandolo kaja, pisifomu, kakhala pamwamba pa nsonga ya sikafoidi, kafupa kena ka dzanja ka mbali ya chala chachikulu. Kakakhala kutali ndi pamenepo dziwa kuti dzanja linatembenuka pojambula, ndipo madigiri amene uyeze si enieni. Anthu ovulala safuna kugoneka dzanja bwino chifukwa cha ululu nde latero yokhota imachitika kwambiri, osachita manyazi kutibwezera kuti tijambulenso.

A Gondwe: Zikomo mayi. Tsopano Tiyamike tiyambe ndi lamulo limodzi lomwe ukaligwira zambiri zimasavuta. Fupa likathyoka pali zidutswa ziwiri, cha kumtunda chomwe chatsala ndi chigongono, ndi cha kumunsi chomwe chapita ndi dzanja. Timayesa ngati cha kumtundacho sichinasunthe. Chilichonse chomwe unene, ukunena za chidutswa cha kumunsi. Nde yang'ana pa latero, usaganize za madigiri kaye. Kachidutswa ka kumunsiko katsetserekera mbali iti, kuseri kwa dzanja kapena ku chikhatho?

Tiyamike: kuseri kwa dzanja bwana, dosolo

A Gondwe: Mochuluka bwanji? Tenga kunenepa kwa fupa pomwe lathyokapo ukugawe mmaso mwako. Mbali yaikulu bwanji yomwe sikukhudzananso ndi inzake?

Tiyamike: mwina gawo limodzi mwa magawo atatu, theka sinafike

A Gondwe: Ndi zomwe ndikuonanso ine. Imeneyo nde disipulesimenti yako: chasunthira kuseri ndi gawo limodzi mwa atatu a kunenepa kwa fupa. Basi. Ukanena choncho ndikudziwa kuti zidutswa zikugwiranabe pang'ono, sizinasiyane kotheratu. Kenako ubwerere pa chithunzi cha kutsogolo chija uonenso ngati chasunthira ku chala chachikulu kapena ku chala chaching'ono, pajatu fupa likhoza kuoneka lili pamzere pa chithunzi chimodzi koma pa chinacho lili kutali. Apa chapita ku chala chachikulu pang'ono chabe.

Mphatso: Nde anguleshoni yake ndi vola eti, chifukwa nsonga ya kona ija yaloza ku chikhatho. Ife anatiphunzitsa kuti umayang'ana komwe kona yaloza

Tiyamike: aaa Mphatso ukundisokoneza, ine ndimati ndi dosolo

A Gondwe: Nonse mukunena chinthu chimodzi, ndipo apa mpomwe anthu amapwetekana pafoni. Pinda chala chako uone. Nsonga ya chala yapita mbali ina, pomwe chapindikira paja patulukira mbali inayo. Fupa la mayiyu ndi chimodzimodzi, chidutswa cha kumunsi chapendekera kuseri, kona yake yaloza ku chikhatho. Nde Mphatso sukunama kuti kona ili vola. Vuto ndi loti ukangoti "vola anguleshoni" osatchula kuti ukunena kona, wa mafupa aliyense amva kuti chidutswa chapendekera ku chikhatho, aganiza za Smith, kuthyoka kosemphana ndi Colles kuja. Ndipo Smith timakoka mosiyana, komanso imakonda kutsetserekanso mu chikhakha moti ambiri amaifuna ku fiyeta. Mawu amodzi okha mwasintha pulani yonse. Ukafuna kunena za kona uzitchula mawu oti epekisi, uziti epekisi vola. Ine pa dzanja ndimangoti chapendekera kuseri ndi madigiri akutiakuti, palibe amasokonezeka.

Mphatso: ok ndamva koma pa mayeso ine ndilemba epekisi basi kkkk

Sisita Chikondi: Ine ndine nesi chabe koma funso, disipulesimenti ndi anguleshoni si chimodzimodzi? zonse mesa fupa lachoka mmalo

A Gondwe: Asisi musamati chabe, inu ndi amene mumationera zala usiku. Tengani njerwa ziwiri, ina pamwamba pa inzake. Mukakankha yapamwamba nkutsetsereka koma ili chigonere bwinobwino, yasuntha koma sinapendekeke. Mukaitukula mbali imodzi osaikankha, yapendekeka koma sinasunthe. Fupa likhoza kuchita chimodzi mwa izi kapena zonse. Mabuku ena amasonkhanitsa zonsezi pansi pa mawu amodzi oti disipulesimenti, nchifukwa chake Tiyamike atangoti disipulesidi anamufunsa kuti motani.

Tiyamike: Nde madigiriwo ndiyeza bwanji bwana, ndili ndi goniyomita ya pulasitiki ija

A Gondwe: Pa latero. Jambula mzere wotsata pakati pa rediyasi mu utali wake, kumtunda komwe sikunathyoke. Jambula wina wodutsa umenewo mopingasa, madigiri 90. Kenako wachitatu ulumikize milomo iwiri ya joyinti ya rediyasi, wa kuseri ndi wa ku chikhatho. Yeza pakati pa wopingasa uja ndi wachitatuyu. Pensulo, osati bolopeni, Mayi Nkhoma angatimenye.

Mayi Nkhoma: kkkkk mwandidziwa

Tiyamike: ndapeza 25, nkhope ya joyinti ikuyang'ana kuseri

A Gondwe: Chabwino. Koma kumbuka kuti dzanja labwinobwino silikhala pa 0. Nkhope ya joyinti imakhala yopendekera ku chikhatho ndi madigiri 11 kapena pafupi ndi pamenepo. Nde mayiyu wachoka pa 11 ku chikhatho, wadutsa pa 0, wafika 25 kuseri. Ulendo wonse ndi madigiri 36. Pafoni unene 25 kuseri kuchokera pa 0 kuti tonse tiwerengere pamodzi, koma mmutu mwako udziwe kuti ndi patali ndithu. Ichi nchifukwa chake filimu yomwe joyinti yaima chilili pa 0 si yabwinobwino ngakhale imaoneka yowongoka, ana asukulu ambiri amaidutsitsa.

Mphatso: iii ine nde ndakhala ndikuidutsitsa imeneyo

Yamikani: Nde ine langali linali madigiri angati? anangondiika chikhakha masabata 6 ekisire yake ndili nayo kunyumba

Sisita Chikondi: Yami filimu ili kunyumba ife tiona bwanji kkkk

A Gondwe: Yamikani ubwere nayo tione, komanso tione dzanjalo mmene likutembenukira. Tibwerere kwa mayi wathu. Pa chithunzi cha kutsogolo Tiyamike, yang'ana mutu wa alina ndi kona ya rediyasi yomwe yayandikana nawo. Kwa anthu ambiri zimakhala pafupifupi pa levulo imodzi. Apa ukuona chani?

Tiyamike: alina yatulukira kupitirira rediyasi, ngati yatalika

A Gondwe: Alina sinatalike, rediyasi ndi yomwe yafupika. Fupa la mayi wa zaka zimenezi limakhala lofewa, pogwa paja zidutswa zinalowana, kuseri kwaphwanyika tizidutswa ting'onoting'ono, ukutiona pa latero apo ngati zinyenyeswa. Zimenezonso uzitchula, chifukwa ukakoka nkuwongola, kuseri kumatsala mphako, palibe chochirikiza, nde fupa limafuna kubwerera komwe linali. Kufupikaku anthu amakuiwala koma nkomwe kumadzavutitsa munthu potembenuza dzanja, pofinya zovala, potakasa nsima, ululu umakhala mbali ya chala chaching'ono.

Tiyamike: ndayeza pa filimu ndi rula, yapitirira ndi mamilimita 4

Mphatso: ine pa foni panga ndikupeza 7

Mayi Nkhoma: Mphatso mwana wanga pa foni suyeza mamilimita, ukakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri 7 uja asanduka 15. Madigiri okha ndi omwe sasintha ukakulitsa. Ngakhale filimu yopulinta ya makina atsopanowa nthawi zina imatuluka yochepetsedwa kuti zithunzi ziwiri zikwane pa pepala limodzi, yang'ana ngati pali kasikelo mmbali mwake. Kupanda apo bwera ku chipinda chathu tiyeze pa kompyuta, ndi mphindi ziwiri.

A Gondwe: Ndipo ngati ukukaika, alina ya anthu ena imakhala yotulukira pang'ono chibadwire, dzanja linalo ndi lomwe lingakuuze. Palinso kupendekeka kwa pa chithunzi cha kutsogolo, kuchokera ku nsonga ya sitailoidi, kansonga ka rediyasi ka mbali ya chala chachikulu kaja, kutsikira ku alina, kumakhala madigiri 22 kapena pafupi, ndi kutalika kwa sitailoidiyo mamilimita 11 kapena 12. Apa zaphwa, zikuoneka ndi maso. Koma usadzipanikize ndi manambala onsewa usiku, atatu aja akukwana: chasuntha bwanji, chapendekeka bwanji, chafupika bwanji. Tipite ku funso lomwe linakugonetsa ziii lija. Mzere wothyoka uja walowa mu joyinti?

Mphatso: ayi, Colles simalowa mu joyinti

A Gondwe: Waona tsono kuopsa kwa dzina? Watchula Colles, dzinalo lakuyankhira, filimu sunaiyang'ane. Zoona, Colles weniweni amathyoka kunja kwa joyinti. Koma ndani wakuuza kuti uyu ndi weniweni? Tiyamike tsata mzere woyera wa nkhope ya rediyasi pa chithunzi cha kutsogolo, kuyambira ku sitailoidi mpaka ku alina, pang'onopang'ono ngati ukutsata msoko wa malaya. Pali mabeseni awiri pamenepo, lina limakhalira sikafoidi lina kafupa kanzake kotchedwa luneti.

Tiyamike: aaa ndauona!! pali kamzere kakuda kochokera pothyoka paja kukwera mpaka mu joyinti, pakati pa mabeseni awiriwo. Dzulo sindinakaone ndi pang'ono pomwe

A Gondwe: Ndi kameneko. Nde ndi intra atikyula, sizoti Colles basi. Ukapeza kamzere kotere mafunso ndi awiri. Pali mpata, kutanthauza zidutswa zatalikirana koma zili pa levulo imodzi? Kapena pali sitepe, china chatsika china chakwera? Sitepe ndi yomwe timaiopa kwambiri, mafupa a dzanja akamayenda pa sitepe tsiku ndi tsiku chichereŵechereŵe chimadyeka, nyamakazi imabwera msanga. Knirk ndi Jupiter analemba za zimenezi mu 1986, pa achinyamata, ndipo mpomwe panachokera malire a mamilimita 2 amene aliyense amatchula aja. Uyang'anenso joyinti yachiwiri, ya pakati pa rediyasi ndi alina, anthu amaiwala kuti ilipo. Apa mzere sunafikeko koma kansonga ka alina kathyoka, ukukaona?

Tiyamike: eee kakuoneka, kansonga kokha. Sitepe nde ndikuona ngati 1 mwina

Mayi Nkhoma: Ine a Gondwe sitepe imeneyo sindingailumbirire pa filimu iyi. Chidutswa chikapendekera kuseri chonchi, pa chithunzi cha kutsogolo milomo iwiri ija imagonerana nde pamaoneka mizere iwiri, wina amaona sitepe pomwe palibe, wina saiona pomwe ilipo. Mukakoka mubwere naye, ndidzatukula mkono pang'ono pa latero, madigiri ngati 20, kuti kuwala kudutse motsata joyinti, sitailoidi isatitchinge.

A Gondwe: Ine ndikuona ngati ikufika 2 mayi, mbali ya luneti yatsika.

Mayi Nkhoma: Mwina, koma maso anu ndi anga onse ndi a magalasi kkkk tidikire ya pambuyo pokoka

Sisita Chikondi: Zandikumbutsa mwana wa achemwali anga wa zaka 9, anagwa mu mtengo wa mango ku Chinsapo, ine kuona ekisire ndinakuwa kuti fupa laduka pawiri ponse pafupi ndi joyinti, kumeneko kunali kokulira mafupa kuja kkkk. Pothyoka penipeni panali kakutupa kakang'ono pamwamba pake

A Gondwe: Imeneyo imagwira ambiri asisi. Kwa mwana mzere wakuda wopingasa pafupi ndi joyinti umayenera kukhalapo, mmbali mwake mumakhala mosalala. Kwa ana funso la joyinti lija limasintha, timayamba tafunsa ngati kuthyoka kwakhudza pokulirapo, nde kumabwera za Salter-Harris, magulu a kuthyoka kwa pokulira mafupa aja. Komanso madigiri amene sitingawalole kwa mayi wa ku Kawaleyu, kwa mwana wa zaka 9 ena timawasiya, fupa limadziwongola akamakula. Nchifukwa chake zaka timayamba nazo pofotokoza. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Tiyamike tandiimbira foni tsopano, ndine bwana uja, ndili mtulo.

Tiyamike: kkkk chabwino. Bwana ndili ndi mayi wa zaka 58, amagwiritsa ntchito dzanja lamanja, wagwa chotambasula dzanja lamanjalo. Rediyasi yathyoka kumunsi, pafupifupi masentimita 2 kuchokera pa joyinti. Chidutswa cha kumunsi chasunthira kuseri ndi gawo limodzi mwa atatu, chapendekera kuseri ndi madigiri 25, rediyasi yafupika moti alina yapitirira ndi mamilimita ngati 4, kuseri kuli tizidutswa. Mzere walowa mu joyinti pakati pa sikafoidi ndi luneti, sitepe 1 kapena 2 sindikutsimikiza. Kansonga ka alina kathyokanso

A Gondwe: Ndadzuka, ndikuvala nsapato. Koma wasiya ziwiri zomwe filimu singakuuze ndipo ndikanakufunsa poyambirira penipeni. Pali bala? Zala zikumva?

Tiyamike: bala palibe, khungu lili bwino. Zala zofunda, magazi akuyenda. Anati chala chachikulu ndi cholozera zikuchita dzanzi pang'ono

A Gondwe: Imeneyotu nde uyambe nayo usananene madigiri. Ndi mediyani nevu ikupanikizika, chidutswa cha kumtunda chija chikuikankha mbali ya chikhatho, kuphatikiza kutupa. Dzanzi limeneli likamakula sitidikira mmawa. Ulembe mu fayilo musanakoke, uyezenso mutakoka, kuti tidziwe ngati tathandiza kapena taonjezera. Ndipo pomanga musapinditse dzanja kwambiri ku chikhatho pofuna kuti fupa ligwire, mumafinya nevu yomweyo. Mu fayilo ulemba mchingerezi inde koma ndondomeko yake ndi yomweyi.

Sisita Chikondi: ndi mphete muzivula chonde, tatopa kudula mphete zaukwati mmawa zala zitatupa ngati soseji

Tiyamike: Pepani ndinasowa, ndabwera ndi nkhani. Paja anakoka usiku womwewo, anabaya mankhwala a dzanzi pothyoka pomwepo nkuika bakisilabu, chikhakha cha mbali imodzi chija, ine ndinagwira chigongono. Filimu ya pambuyo pokoka tajambulanso lero, tayeza pa kompyuta ndi Mayi Nkhoma. Kupendekeka kwabwera pa madigiri 5 kuseri, alina yapitirira ndi milimita 1 yokha, zidutswa zakhala pamzere. Dzanzi lachepa akuti latsala kunsonga kwa chala cholozera

Mphatso: nde zatheka, pansi pa 10 ndi bhobho, masabata 6 achotse

A Gondwe: Manambala a lero ndi ololeka inde. Malire amene ambiri timayendera ndi oti mutakoka kupendekera kuseri kusapitirire madigiri 10, kufupika kusapitirire mamilimita 3, sitepe isapitirire 2. Koma Mphatso, filimu yoyamba ija siitayidwa, ndi yomwe imakuuza khalidwe la fupali. Linayamba ndi madigiri opitirira 20, kuseri kuli tizidutswa, lalowa mu joyinti, alina yathyoka. Zonsezi ndi zizindikiro zoti likhoza kutsetserekanso mkati mwa pulasitala kutupa kukaphwa. Ajambulidwenso pakatha sabata imodzi, kenakonso pa masabata awiri. Mukamuuza kuti adzabwere pa masabata 6 mudzalipeza lagwirana chokhota, ndipo pamenepo kukoka sikuthandizanso. Nanga sitepe ija mayi?

Mayi Nkhoma: Ndinatukula mkono muja ndinanenera. Ine ndikupeza 1 ndi theka, mnzanga wa masana akuti 2. Ekisire wamba pa zimenezi imatha kuchepetsa, sikani ya CT ndi yomwe ingathetse mkangano, koma zoti aipemphe kapena ayi ndi za akuluakulu a mafupa, ine yanga ndajambula

A Gondwe: Akanakhala mnyamata wa zaka 25 wokonza magalimoto ku Biwi ndikanakakamira sikaniyo lero lomwe. Pa zaka 58 madokotala amasiyana maganizo, achikulire ambiri dzanja limagwira ntchito bwino ngakhale filimu isakongole, koma mayiyu si nkhalamba ayi. Amagwira ntchito yanji?

Tiyamike: amaphika mandasi ogulitsa, amakanda okha ufa mmawa uliwonse

A Gondwe: Nde dzanja limenelo ndi ofesi yake. Uzinene zimenezo pa raundi mawa pamodzi ndi sitepe ya 1 ndi theka kapena 2 ija, unene momwemo kuti oyeza asiyana. Ine ndikanakonda aonedwe ku LION, chipatala cha mafupa chija cha ku Lilongwe, sabata yomwe ino, koma amene akumuona ndi amene agamule.

Mphatso: ine ndikubetcha kuti sapanga opaleshoni

Yamikani: Ndaipeza ekisire yanga ija, koma ndi imodzi yokha, inayo ana anadulira makadi. Nditumize yomweyi?

Mayi Nkhoma: yatsalayo ndi ya kutsogolo kapena ya mmbali?

Yamikani: kaya, zala zonse zisanu zikuoneka

Mayi Nkhoma: nde latero ndi yomwe anadulayo. Bwera Lachinayi mmawa ndi pepala la a Gondwe tijambule ina